Kalembedwe ka chilengezo cha ntchito ya tekinishani wa labotale pa chipatala cha mishoni

Zilengezo zambiri za ntchito ya ku labu zimalembedwa mu ofesi, ndi munthu amene sanagwirepo maikulosikopu, ndipo amachita kukopera cha zaka zapitazo n'kungosintha tsiku lotsekera. Mapeto ake kumabwera makalata mulu, ambiri ochokera kwa anthu osayenera, ndipo woyenerayo akalembedwa amadzadabwa pa mwezi woyamba kuti ntchito imene wapeza si imene anawerenga. Malangizo awa ndi a akuluakulu oyendetsa zipatala za mishoni, a ofesi yolemba antchito ndiponso oyang'anira labu. Funso limene liyenera kutsogolera mzere uliwonse wa chilengezocho ndi ili: kodi munthu ameneyu tingamusiye yekha usiku, mayi akutaya magazi ku fiyeta, iye n'kufananitsa magazi molondola popanda womufunsa? Pa chipatala chachikulu cha boma tekinishani watsopano amakhala pakati pa anzake ambiri. Pa mishoni ya kumudzi, usiku amakhala yekha.

Gawo loyamba: tsimikizani kuti malowo alipo, komanso kuti adzalipira ndani

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, tsegulani m'ndandanda wa malo a ntchito ovomerezeka pa chipatala chanu. Zipatala zambiri za mishoni m'Malawi muno, monga Nkhoma, Mulanje Mission, Ekwendeni, Embangweni, Likuni, Mlambe ndi Malamulo, zili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, ndipo mwa mgwirizano wa bungweli ndi boma, malipiro a antchito a m'malo ovomerezeka amachokera ku boma kudzera ku CHAM. Izi zikutanthauza kuti pali mitundu itatu ya malo, ndipo chilengezo chiyenera kunena kuti anuwo ndi ati.

Pali malo ovomerezeka amene ali pululu chifukwa mwini wake anachoka, anapuma kapena anamwalira. Pali malo amene chipatala chidzalipira chokha kuchokera m'ndalama zimene odwala amapereka. Ndipo pali malo a pulojekiti, amene ndalama zake zimatha tsiku limene opereka thandizo atseka mabuku. Pa mtundu woyambawo, pezani kaye chilolezo cholembedwa chodzaza malowo. Cholakwika chofala n'kulemba munthu poganiza kuti dzina lake lilowa msanga pa m'ndandanda wa malipiro, kenako miyezi n'kumapita chipatala chikutapa m'thumba la mankhwala kuti chimulipire. Pa mtundu wachitatuwo, lembani poyera kuti ndi kontirakiti ya miyezi yakutiyakuti. Munthu amene wasiya ntchito yokhazikika kwina n'kudzamva atafika kuti yanuyo itha pa miyezi 12 amayamba kulemba makalata ena sabata yomweyo.

Gawo lachiwiri: pitani ku labu mukawerenge makaundula

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, chikhalirecho ndi limene limapereka zonse zolembedwa m'chilengezo. Khalani pansi ndi woyang'anira labu, mutenge makaundula a miyezi itatu, umodzi mwa iyo ukhale wa dzinja pamene malungo ndi kuchepa magazi kwa ana zimafika pachimake. Lembani zinthu zinayi: mitundu ya zoyeza zimene zimachitikadi, kuchuluka kwake pa tsiku, makina amene akugwira ntchito lero, ndi kangati pa sabata wa labu amadzutsidwa usiku.

Tiyerekeze chipatala cha mabedi 120, chapafupi ndi nyanja, chokhala ndi fiyeta ndi wodi ya amayi oyembekezera. Ku labu kuli anthu atatu: wa digiri mmodzi amene ndi woyang'anira, tekinishani mmodzi, ndi wothandizira wa satifiketi mmodzi. Tekinishani wachiwiri anachoka. Makaundula akuonetsa kuti pa tsiku amayeza zinthu pafupifupi 90, zambiri zake malungo ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi, kenako mkodzo wa likodzo, makhololo, ndi mapainti a magazi awiri kapena atatu otuluka kupita ku mawodi. Makina alipo ndi awa: maikulosikopu awiri, makina owerengera maselo a magazi, kamakina ka HemoCue koyezera kuchuluka kwa magazi m'thupi, makina a GeneXpert a zipinda zinayi oyezera chifuwa chachikulu m'makhololo, sentirifyuji, firiji ya magazi ndi firiji ya mankhwala oyezera. Makina oyezera impso ndi chiwindi alipo, koma akhala atafundidwa nsalu chaka chathunthu chifukwa chosowa mankhwala ake.

Kuchokera pa zimenezi mwadziwa kale zingapo. Simulemba m'chilengezo kuti munthu akhale katswiri pa kumeretsa tizilombo m'mbale, chifukwa labuyi sichita zimenezo, ndipo mzere woterowo ungothamangitsa anthu abwino amene akanatha ntchito yeniyeniyo. Makina ofundidwa nsalu aja musawaike pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ndipo chachikulu, taonani masamu a usiku. Wothandizira wa satifiketi uja sangasiyidwe yekha pa magazi, ndiye kuti otha kukhala pa kolo, kutanthauza kudikirira kuitanidwa usiku, ndi awiri okha: pa mwezi wa masiku 30, aliyense amagona khutu lili kunja mausiku 15. Mmodzi akapita kutchuthi kapena kumaliro, wotsalayo amanyamula onse. Akabwera watsopanoyu adzakhala atatu, mausiku 10 aliyense. Choncho chimene chipatalachi chikufunadi ndi munthu wolowa pa kolo m'masabata oyambirira omwe, osati wodzaphunzitsidwa miyezi isanu ndi umodzi. Zimenezo ziyenera kuonekera m'chilengezo.

Gawo lachitatu: dzina la udindo

Pa ntchito ya labu m'dziko muno pali magulu atatu amene anthu amasokoneza. Wothandizira amakhala ndi satifiketi, tekinishani amakhala ndi dipuloma, tekinolojisiti amakhala ndi digiri. Malipiro awo ndi giledi yawo n'zosiyana. Lembani dzina limodzi lokha, monga momwe lilili pa m'ndandanda wa malo, ndi giledi yake. Mukalemba kuti mukufuna tekinishani koma pansi n'kuti "dipuloma kapena digiri", a digiri adzafunsira ambiri chifukwa ntchito ikusowa, ndipo mudzawalemba pa malipiro a dipuloma. Ena amakhala, koma ambiri amaona ngati pongodikirira basi. Ngati mukuvomera a digiri, nenani kuti malipiro ndi a giledi ya tekinishani ndipo sadzasintha chifukwa cha pepala.

Gawo lachinayi: kulemba ntchito zake

Apa mpofunika kuchedwapo. Mzere wakuti "kuyeza zinthu zosiyanasiyana mu labotale" sunena kanthu. Wowerenga ayenera kudziona ali pa tebulo lanu, ndipo inunso mudzagwiritsa ntchito mizere yomweyi pa intaviyu ndi pomuunika miyezi yoyeserera ikamatha. Mzere uliwonse uyambe ndi chochita, utchule chinthu choyezedwa, ndipo ngati pali makina uwatchule dzina. Mizere 8 kapena 10 ndi yokwanira. Yambani ndi ntchito imene ikalakwika munthu amafa.

Pa chipatala chathu choyerekeza chija, imeneyo ndi magazi. Lembani zigawo zake zonse, chifukwa "kugwira ntchito ya magazi" kumatanthauza zosiyana pa zipatala zosiyana. Kwina magazi onse amachokera ku bungwe losonkhanitsa magazi la MBTS atayezedwa kale, ndipo wa labu amangoona gulu la wodwala n'kufananitsa. Kwina, makamaka kutali ndi Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka kumene bungweli lili ndi nthambi, firiji ikauma chipatala chimatenga magazi kwa achibale a wodwala. Pamenepo tekinishani ayenera kufunsa wopereka magaziyo mafunso, kumuyeza ngati ali ndi magazi okwanira, kuyeza HIV, chindoko ndi matenda otupa chiwindi a mtundu wa B ndi C, kukhetsa painti, n'kufananitsa, zonsezi namwino ataima pakhomo. Ngati kwanu zimachitika choncho, lembani choncho. Onjezani kusunga firiji ya magazi pakati pa madigiri 2 ndi 6 ndi kulemba kazizidwe kake kawiri pa tsiku. Kamzere kameneka kamaoneka kakang'ono, koma pepala la pa chitseko cha firiji ndi limene limaulula labu yosasamala: mukapeza manambala ofanana ndendende mwezi wonse, olembedwa ndi cholembera chimodzi, dziwani kuti analembedwa tsiku limodzi.

Yachiwiri ndi maikulosikopu. Chibwerereni tizida toyezera malungo mwachangu ndi makina a GeneXpert, pali achinyamata ena amene amatuluka kusukulu dzanja lawo lisanazolowere kupaka silaidi. Koma kachida kamwachangu kamatha kuonetsabe malungo masabata angapo munthu atachira, ndiye mwana wogonekedwa amene sakupeza bwino amafunika silaidi kuti adziwe ngati tizilombo tikadalipo ndiponso kuchuluka kwake. Makatiriji a GeneXpert nawo amatha, kapena magetsi amazima makina ali pakati pa ntchito, katiriji n'kuwonongeka. Tsiku loterolo makhololo amabwerera pa silaidi. Choncho lembani poyera: kupaka ndi kuwerenga masilaidi a malungo ndi a makhololo, kuyang'ana mazira a likodzo mu mkodzo ndi a njoka za m'mimba m'chimbudzi, ndi kuyeza madzi a mumsana a odwala oganiziridwa matenda oumitsa khosi.

Yachitatu ndi makina. Osangoti "kugwiritsa ntchito" ayi, onjezani "kusamala ndi kulemba m'buku la makinawo". Wokonza makina amakhala mumzinda, ndipo akhoza kutenga masabata asanafike. Tekinishani amene amayamba tsiku ndi kuyesa makina owerengera maselo ndi magazi odziwika kale zotsatira zake, amene amadziwa kuti chipinda chimene muli makina a GeneXpert chisatenthe kupyola madigiri 30, amene amapukuta mafuta pa diso la maikulosikopu asanaweruke, amapulumutsa chipatala ndalama zoposa malipiro ake.

Zotsalazo zilembeni mwachidule: kutenga magazi kwa akulu ndi ana, kukonza ndi kutumiza magazi oyezera kuchuluka kwa HIV m'thupi kudzera mwa a njinga zamoto, kuwerengera mankhwala oyezera ndi kuitanitsa ena asanathe, kulemba malipoti a pamwezi opita ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, kutaya moyenera singano ndi zonse zokhudza magazi, ndi kuyang'anira ophunzira obwera kudzayeserera ntchito. Mzere wa kolo ukhale paokha, ndi nambala yake. Uja wotchuka wakuti "ndi ntchito zina zimene angapatsidwe" usiyeni ngati mukufuna, koma muumange powonjezera kuti "zogwirizana ndi udindowu", kuopa kuti wina angadzautenge ngati chilolezo chomutuma tekinishani kukagawa mankhwala ku famase.

Gawo lachisanu: zomuyenereza

Gawani pawiri: zimene popanda izo kalata siwerengedwa n'komwe, ndi zimene zingomuwonjezera mwayi. Mukazisakaniza, komiti yosankha idzakangana tsiku lonse, ndipo mpata wa kukondera umalowera pomwepo.

Zoyambazo zikhale zochepa, zitatu kapena zinayi. Dipuloma ya za labotale ya zachipatala yochokera ku sukulu yovomerezeka. M'dziko muno ambiri amachokera ku Malawi College of Health Sciences ndi ku Malamulo, pamene a digiri amachokera m'masukulu monga KUHeS ndi Mzuzu University. Musatchule sukulu imodzi m'chilengezo, ingoti yovomerezeka ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Samalani ndi dipuloma za labotale za mtundu wina, monga za m'mafakitale, za zakudya kapena za m'masukulu: dzina limafanana, koma munthuyo sanaphunzire kuyeza wodwala. Mawu akuti "ya zachipatala" asasowe.

Chachiwiri ndi kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo apa pali msampha. Satifiketi yolembetsera imaperekedwa kamodzi, koma chilolezo chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Munthu akhoza kukutumizirani satifiketi yeniyeni ya zaka zisanu zapitazo pamene sanalipireko chilolezo zaka zitatu. Choncho pemphani zonse ziwiri: umboni wolembetsa, ndi umboni wakuti chilolezo cha chaka chino chilipo. Wophunzira kunja kwa dziko nayenso ayenera kukhala atalembetsa kale ku bungwe lomweli.

Chachitatu ndi zaka zimene wagwira ntchito, ndipo pano maganizo athu ndi akuti zipatala zambiri zimalemba "zaka ziwiri" mwachizolowezi chabe. Zaka ziwiri pa labu ya kafukufuku, pamakina amodzi omwewo, sizimuphunzitsa munthu kufananitsa magazi. Chaka chimodzi pa chipatala cha boma cha m'boma, akulowa pa kolo, chimamuphunzitsa. Lembani luso limene mukufuna, osati zaka zokha: "akhale atagwirapo chaka chimodzi kapena kuposerapo pa chipatala chimene chimaika odwala magazi". Ngati labu yanu ili ndi anthu okwanira kumuyang'anira miyezi itatu yoyamba, tsegulani khomo kwa ongomaliza kumene sukulu, pakuti nthawi zambiri iwowa ndi amene amavomera kukhala kumudzi. Pa chitsanzo chathu chija mpata umenewo palibe, ndiye mzerewo ukhalepo.

Zongowonjezera mwayi ndi monga kuphunzirapo za GeneXpert, kudziwa za dongosolo lokweza ubwino wa malabu la SLMTA, kutha kulemba malipoti pa kompyuta, ndi kulankhula chiyankhulo cha dera lanu, kaya ndi Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe. Chiyankhulo chisakhale chotsekera anthu khomo, koma wotenga magazi kwa agogo amene samva Chichewa amathandizidwa nacho.

Nkhani ya chipembedzo ndi zina zimene lamulo limakana

Chipatala ndi cha mpingo, ndipo eni ake ali ndi ufulu woyembekezera kuti wantchito azilemekeza chikhalidwe cha pamalopo. Koma lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha chipembedzo, mtundu, chiyankhulo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, kapenanso kukhala pa banja kapena ayi. Mzere wakuti "akhale membala wa mpingo wathu" kapena "abweretse kalata ya abusa" pa udindo wa labu umakuikani pa mavuto, makamaka pamene malipiro ake akuchokera ku misonkho ya aliyense. Lembani kuti "akhale wokonzeka kulemekeza chikhulupiriro ndi malamulo a chipatala cha Chikhristu", ndipo ngati pali malamulo enieni okhudza moyo wa pa mishoni, monga a mowa m'nyumba za chipatala kapena tsiku limene ntchito wamba imaima, atchuleni kuti munthu asankhe akudziwa. Musaike malire a zaka zakubadwa popanda chifukwa, ndipo musapemphe zotsatira za HIV.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: za nyumba, malipiro ndi malo

Tekinishani wodziwa ntchito akamawerenga chilengezo cha pa mishoni, maso ake amathamangira pa chinthu chimodzi: nyumba ilipo? Munthu wa pa kolo sangakhale ku tireding'i senta makilomita 6 kuchokera pa chipatala n'kumayenda pa kabaza pakati pa usiku. Ngati nyumba ilipo, nenani, ndipo nenani ngati ili ndi madzi ndi magetsi. Ngati palibe, nenani ngati pali chipinda chogona wa pa kolo. Tchulani mtunda wochokera pa boma ndi mtundu wa msewu. Ena amaopa kuti kunena zoona kuthamangitsa anthu. Kumathamangitsadi, koma kumathamangitsa amene akanathawa pa mwezi wachitatu mutawononga kale ndalama za intaviyu.

Pa malipiro, tchulani giledi, ndipo nenani ngati pali alawansi ya kolo kapena yowonjezera ya chipatala. Mawu akuti "malipiro okopa" palibe amene amawakhulupirira. Tchulaninso nthawi yoyeserera ntchito. Lamulo silola kuti ipyole miyezi 12, ndipo pa udindowu miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi imakwana kuona dzanja la munthu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kafunsiridwe

Pemphani zinthu zowerengeka: kalata yofunsira, mbiri ya maphunziro ndi ntchito, makope a satifiketi ya MSCE, dipuloma ndi mapepala a Medical Council, ndi mayina a anthu atatu omuchitira umboni, mmodzi mwa iwo akhale amene anamuyang'anirapo mu labu. Ameneyu ndiye wofunika. Mphunzitsi wa ku sekondale sangakuuzeni ngati munthu amalemba dzina pa botolo asanachoke pabedi la wodwala kapena atafika kale ku labu. Nenani kuti atumize makope, enieniwo adzabwere nawo pa intaviyu.

Perekani masabata awiri kapena atatu, ndipo lembani tsiku ndi ola lotsekera. Adiresi ikhale ya udindo, osati dzina la munthu, ndipo ngati mukulandira pa imelo, ikhale ya chipatala, ndi pempho lakuti zonse zikhale m'fayilo imodzi. Mzere umodzi usasowe: chipatala sichilipiritsa ndalama iliyonse pofunsira ntchito. Akathyali amatenga zilengezo zenizeni, n'kusintha nambala ya foni, n'kumauza anthu kuti atumize ndalama ya "fomu" pa foni. N'chifukwa chake ndi bwino chilengezocho chizituluka pa pepala la chidindo cha chipatala, ndipo chimene mwatumiza pa magulu a WhatsApp chikhale chithunzi cha pepala lomwelo limene mwamata pa bolodi ndi kuika m'nyuzipepala.

Chilengezo cha chipatala choyerekeza chija

M'nyuzipepala zilengezo zotere zimatuluka m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi zomwezi.

MWAYI WA NTCHITO: TEKINISHANI WA LABOTALE, MALO AMODZI

Chipatala chathu ndi cha mishoni, cha mabedi 120, chili pansi pa CHAM, ndipo chili pa mtunda wa makilomita 35 kuchokera pa boma, makilomita 12 omalizawo ndi msewu wafumbi. Tikufuna tekinishani wa labotale pa malo ovomerezeka, ntchito yokhazikika ikatha miyezi isanu ndi umodzi yoyeserera. Azidzagwira ntchito pansi pa woyang'anira labotale, limodzi ndi anzake awiri.

Ntchito zake:
1. Kuona gulu la magazi, kufananitsa ndi kutulutsa magazi opita kwa odwala. Kuyeza ndi kukhetsa magazi kwa opereka pamene a ku MBTS atha. Kulemba kazizidwe ka firiji ya magazi kawiri pa tsiku.
2. Kukhala pa kolo payekha mausiku pafupifupi 10 pa mwezi, kuphatikizapo Loweruka, Lamlungu ndi masiku atchuthi.
3. Kupaka ndi kuwerenga masilaidi a malungo, makhololo ndi madzi a mumsana. Kuyeza mkodzo ndi chimbudzi pa maikulosikopu.
4. Kugwiritsa ntchito ndi kusamala makina owerengera maselo a magazi, HemoCue ndi GeneXpert, kuwayesa m'mawa uliwonse ndi kulemba m'mabuku ake.
5. Kutenga magazi kwa akulu, ana ndi makanda, ndi kukonza zotumiza ku malabu ena.
6. Kudziwitsa wodi nthawi yomweyo zotsatira zoopsa zikapezeka, ndi kusunga chinsinsi cha odwala.
7. Kuwerengera mankhwala oyezera, kuitanitsa, ndi kulemba malipoti a pamwezi.
8. Kutsatira malamulo opewera matenda ndi otayira zinyalala za mu labotale.
9. Kuyang'anira wothandizira ndi ophunzira, ndi ntchito zina zogwirizana ndi udindowu.

Zofunika kukhala nazo: dipuloma ya za labotale ya zachipatala yochokera ku sukulu yovomerezeka, kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi ndi chilolezo cha chaka chino, chaka chimodzi kapena kuposerapo pa chipatala choika odwala magazi, kukhala wokonzeka kulemekeza chikhulupiriro ndi malamulo a chipatala cha Chikhristu.

Zowonjezera mwayi: maphunziro a GeneXpert, kudziwa za SLMTA, luso la kompyuta.

Malipiro ndi a giledi ya tekinishani, kuphatikizapo alawansi ya kolo. Nyumba ya zipinda ziwiri, ya madzi ndi magetsi, ilipo mkati mwa mishoni. Amayi ndi abambo onse ali ndi mwayi wofanana. Osankhidwa adzayesedwa pa tebulo la labu asanalowe mu intaviyu. Chipatala sichilipiritsa kalikonse pofunsira ntchito.

Pansi pake pabwere zotumiza, adiresi ya udindo, tsiku ndi ola lotsekera.

Gawo lomaliza: liyeseni lisanatuluke

Perekani pepalalo kwa anthu awiri. Woyamba ndi woyang'anira labu, awerenge cholembera chili m'manja, afufute chilichonse chimene labu yake sichita. Wachiwiri ndi namwino kapena kiliniko amene amagwira usiku, amene adzakuuzani ngati chimene chimawasowetsa mtendere chalembedwamo. Kawirikawiri amatchula mzere wachisanu ndi chimodzi uja: zotsatira za mwana amene magazi ake atsika kufika pa 4 zisadikire kuti wina adzazitenge m'mawa.

Kenako tengani zofunika kukhala nazo zinayi zija muone ngati chilichonse chingayankhidwe kuti inde kapena ayi poyang'ana mapepala okha. Zitatu zoyambazo zimatheka, ndipo ndizo sefa yanu yoyamba. Chachinayicho n'chokambirana pa intaviyu. Mawu monga "wolimbikira" kapena "wodzipereka" sangayesedwe pa pepala, ndiye asalowe m'gulu limeneli.

Mzere wakuti osankhidwa adzayesedwa pa tebulo musauike ngati simukonzekera kuuchita. Mayesowo safuna zambiri: mphindi 30 pa munthu, maikulosikopu amodzi, masilaidi asanu amene zotsatira zake mukuzidziwa kale, awiri a malungo, limodzi lopanda kanthu, awiri a makhololo, ndiponso magazi a munthu mmodzi oti aone gulu lake. Silaidi yopanda kanthuyo ndi imene imasiyanitsa anthu, chifukwa wosadziwa amaona utoto wotsalira n'kuutcha tizilombo, pamene wodziwa amayenda modekha malo 100 asananene kuti palibe. Pa magaziwo, ikani botolo limene dzina lake likusiyana pang'ono ndi la pa fomu, mwachitsanzo nambala ya wodwala yosiyana pa malo amodzi. Woyenera ntchitoyi amaima pomwepo n'kukana kupitiriza mpaka atengenso magazi ena. Amene wangotsegula botolo n'kuyamba kudontheza, ngakhale gululo alipeze molondola, mulembeni kuti sanakhoze gawo limeneli, ndipo magiredi a mayesowa alowe pa pepala limodzi ndi a intaviyu, komiti yonse isaine tsiku lomwelo.